Kuchoka pa timapepala tomwazikana kufika pa tayimutebulo ya pakhoma

Mwana wa achemwali anga, amene panthawiyo anali chaka choyamba ku koleji, anafika kwathu Loweruka pa 2 Novembala 2024 nkhope itagwa. Anali atangochokera kumaliro kumudzi, kumene anakhalako kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu, ndipo mayeso apakati pa semesita anali atayandikira. Anakhuthula chikwama patebulo nati, "Amalume, ndithandizeni. Sindikudziwanso kuti Lolemba ndiyambira pati."

Zimene anakhuthulazo ndi zimene wophunzira aliyense amakhala nazo. Panali chithunzi cha bolodi la zidziwitso chimene anajambula pafoni sabata yotsegulira. Panali tsamba lomaliza la kope la Masamu, lodzaza ndi masiku ndi maola olembedwa mopendama, ena ndi cholembera chofiira, ena ndi pensulo. Panali kapepala kong'amba pa kope la mnzake, kolembedwa masiku a mayeso. Panalinso chithunzi cha uthenga wa pa WhatsApp chimene mnzake anamutumizira ali kumudzi. Chilichonse mwa zinthuzi chinali ndi choona chake, koma panalibe chimodzi chimene chikanamuuza sabata yonse.

Iye anali atayamba kale kujambula tebulo. Anali atalemba masiku asanu pamwamba, maola m'mbali, ndipo anali atafufuta kawiri mpaka pepala kubooka. Ndinamuuza kuti aliike kaye pambali pepalalo. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwira: amayamba ndi timabokosi asanadziwe zimene zikalowemo. Tebulo la timabokosi ndi ntchito yomalizira. Ntchito yoyamba, imenenso imadya nthawi yambiri, ndi kusandutsa timapepala tonse kukhala mndandanda umodzi.

Mzere umodzi, chinthu chimodzi

Tinatenga pepala loyera ndi kulemba mitu isanu ndi umodzi pamwamba: tsiku, kuyamba, kutha, phunziro, malo, ndi kumene tazitenga. Kenako tinayamba kukopera, chinthu chimodzi pa mzere wakewake. Masamu akachitika kawiri pa sabata, imeneyo ndi mizere iwiri, osati umodzi wolembedwa "Lolemba ndi Lachinayi". Tinagwirizananso kuti pokopera tisaweruze chilichonse. Ngakhale mizere iwiri ioneke kuti ikutsutsana, yonse ilembedwe, mlandu wake tidzaukamba pambuyo.

Mutu womalizawo, wa kumene tazitenga, mtsikanayu anauona ngati wotayitsa nthawi. Koma ndi umene unatipulumutsa. Nkhani ziwiri zikasemphana, funso limakhala lakuti yatsopano ndi iti, ndipo yachokera kwa yani. Chidziwitso chosainidwa ndi akuluakulu a dipatimenti chimalemera kuposa mawu a mnzako, koma mawu amene aphunzitsi anena m'kalasi dzulo amaposa chidziwitso chimene chakhala pabolodi miyezi iwiri. Ngati sunalembe kuti mzerewu unautenga kuti ndiponso liti, sungathe kuyeza zimenezi, umangotola umene waukonda.

Maola tinawalemba m'njira imodzi yokha, ya maola 24. M'kope munali "2 koloko", "2pm" ndi "cha m'ma 2", zonsezi tinazisandutsa 14:00. Nthawi yothera nayo tinaikakamira. Timapepala tambiri timangonena nthawi yoyambira, koma bokosi pa tebulo lili ndi denga ndi pansi, ndiye popanda nthawi yothera sungalijambule. Pamene sinalembedwe, mtsikanayu ankakumbukira kuti kalasiyo imatenga maola angati, ndipo pamene ankakayika tinaika chizindikiro cha funso.

Titamaliza, chithunzi cha pabolodi ndi kope zinatipatsa izi:

Lolemba, 08:00 mpaka 10:00, Masamu, chipinda 4
Lolemba, 10:30 mpaka 12:00, Chingerezi, holo
Lachiwiri, 08:00 mpaka 09:30, Bayoloje, chipinda 7
Lachiwiri, 13:30 mpaka 16:30, labu ya Kemisitili
Lachitatu, 09:00 mpaka 11:00, Kemisitili, chipinda 7
Lachitatu, 14:00 mpaka 16:00, Kompyuta, labu ya makompyuta
Lachinayi, 10:00 mpaka 11:00, Masamu, chipinda 4
Lachinayi, 13:30 mpaka 16:30, labu ya Bayoloje
Lachisanu, 08:00 mpaka 10:00, Fizikisi, chipinda 3
Lachisanu, 11:00 mpaka 12:00, Chingerezi, holo

Pamwamba pa mizere khumi imeneyi panali ina iwiri. Wina unali labu ya Kemisitili ya Lachinayi masana, imenenso inali pa chithunzi cha pabolodi. Wina unali wochokera pa uthenga wa mnzake uja, umene unangoti, "Masamu mawa 10, chipinda 2." Mtsikanayu anati uthengawo unabwera Lachiwiri, choncho tinaulemba pa Lachitatu, 10:00 mpaka 11:00.

Kugundana

Tsopano inafika nthawi yoweruza. Lamulo lodziwira kuti zinthu ziwiri za tsiku limodzi zagundana ndi lalifupi: zagundana ngati chilichonse mwa ziwirizo chikuyamba chinzake chisanathe. Kemisitili ya Lachitatu imayamba 09:00, Masamu atsopano aja asanathe, ndipo Masamuwo akuyamba 10:00, Kemisitili isanathe. Zagundana. Koma kalasi yotha 10:00 ndi ina yoyamba 10:00 sizinagundane, zangotsatana, ngakhale kuti munthu ayenera kuthamanga ngati zipindazo zatalikirana.

Mlandu wa Lachinayi masana unatha msanga. Titakulitsa chithunzi cha pabolodi, tinaona timalemba tating'ono m'mbali: labu ya Kemisitili ya Lachiwiri ndi ya gulu A, ya Lachinayi ndi ya gulu B. Iye ali gulu A. Tinadula mzere wa gulu B. Tayimutebulo ya pabolodi imalembedwera anthu onse, pamene yako ikufunika kunena za iwe wekha, ndiye chilichonse chimene si chako chichoke chisanafike pa tebulo.

Wa Lachitatu unatitengera nthawi. Kodi aphunzitsi a Masamu angasamutsire kalasi pa ola limene ophunzira omwewo ali mu Kemisitili? Zimachitika, koma sizimayenera kukhulupiriridwa msanga. Ndinamufunsa kuti, "Uthengawu unalembedwa Lachiwiri, kapena iwe ndiye ukukumbukira kuti unauona Lachiwiri?" Anakhala chete, kenako anatsegula gulu la kalasi pafoni ndi kukwera m'mwamba kufunafuna uthenga weniweniwo. Unali wa Lachitatu madzulo, pa 30 Okutobala. Ndiye kuti "mawa" linali Lachinayi, ola lake lomwe lija la masiku onse. Chimene chinasintha ndi chipinda chokha.

Mawu akuti mawa, mkuja, sabata yamawa ndi Lachisanu likubwerali ndi oopsa kwambiri pa ntchito imeneyi. Amakhala oona pa tsiku limene anenedwa basi. Chithunzi cha uthenga nthawi zambiri chimaonetsa ola koma tsiku ayi, ndipo uthenga wotumizidwa kuchokera kwina umanyamula tsiku limene wafika kwa iwe, osati limene unalembedwa. Ukangomva "mawa", peza tsiku limene mwini mawu anawanena, uwasandutse deti nthawi yomweyo.

Panatsala funso limodzi: chipinda 2 chinali cha tsiku limenelo lokha, kapena mpaka semesita kutha? Izi pepala silikanatiuza. Anaimbira mtsogoleri wa kalasi, amene anati asamukiratu. Tinakonza mzere wa Lachinayi, chipinda 4 nkukhala chipinda 2, ndipo mzere wa Lachitatu uja tinaudula. Chikanakhala cha tsiku limodzi, sichikanalowa pa tebulo ayi. Tebulo la sabata limanena zimene zimabwerezeka. Zosintha za tsiku limodzi zimalembedwa ndi pensulo pa pepala lopulinta kale, nkudzafufutidwa.

Amene ali ndi kompyuta angathe kulemba mndandandawu mu Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets, tsiku mu danga `A`, kuyamba mu `B`, kutha mu `C`, ndipo makinawo agwire okha zogundana. Ngati mizere ndi khumi ndi iwiri, kuyambira wa 2 mpaka wa 13, lembani izi m'bokosi lopanda kanthu pa mzere wa 2 ndi kuzikokera pansi:

```
=SUMPRODUCT((A$2:A$13=A2)*(B$2:B$13<C2)*(C$2:C$13>B2))
```

Ndi lamulo lomwe lija. Mzere uliwonse umadziwerenga wokha, choncho 1 akutanthauza kuti palibe vuto, pamene 2 kapena kuposa akutanthauza kuti pali china pa nthawi yomweyo. Koma maola onse alembedwe ndi timadontho tiwiri, ngati `8:00`. Mukalemba `8.00` makinawo amaona nambala 8 wamba. Mukalemba `8-10` pofuna kunena 8 koloko mpaka 10 koloko, Excel imasandutsa zimenezo kukhala deti, ndipo mumangoona `10-Aug` kapena `08-Oct`. Ichi ndi chifukwa china chimene kuyamba ndi kutha zimafunikira madanga awiri osiyana. Kwa mizere khumi ndi iwiri, maso ndi chala zimakwanira bwino, ndipo ife tinachita ndi maso.

Mayeso ndi mtundu wina

Kapepala ka mayeso kanali ndi zinthu zinayi: Masamu Lolemba pa 11 Novembala nthawi ya kalasi, Kemisitili "Lachitatu pa 14" nthawi ya 14:00 mpaka 16:00, chimangirizo cha Chingerezi choyenera kuperekedwa Lachisanu pa 15 isanakwane 12:00, ndi Fizikisi Lachiwiri pa 19 nthawi ya 10:00 mpaka 12:00. Mtsikanayu ankafuna kuzilowetsa m'timabokosi momwemo, mayeso a Fizikisi akhale pa Lachiwiri 10:00. Ndinakana. Bokosi la Lachiwiri 10:00 likunena za Lachiwiri lililonse. Ukalembamo mayeso, pepala limanama masabata onse kupatula imodzi, ndipo sabata imodziyo silikuuza kuti ndi iti. Zinthu zokhala ndi deti zimafuna malo akeake pansi pa tebulo, zitandandalikidwa motsata masiku, choyandikira chili patsogolo.

Tisanakopere, tinayang'ana deti lililonse pa kalendala. Pa 11 linalidi Lolemba, pa 15 Lachisanu, pa 19 Lachiwiri. Koma pa 14 Novembala 2024 linali Lachinayi, osati Lachitatu. Wolemba kapepalako analakwitsa chimodzi, mwina dzina la tsiku, mwina nambala, ndipo kuchokera patebulo pathu sitikanadziwa kuti ndi chiti. Ichi ndi chifukwa chake ndimalimbikira kuti deti lililonse lizilembedwa pamodzi ndi dzina la tsiku. Ziwirizi zimalonderana: chimodzi chikalakwika, chinzake chimakuwa. Akanangolemba "Lachitatu" kapena "14" pakokha, cholakwikacho chikanadutsa bwinobwino mpaka tsiku la mayeso.

Mndandanda wathu unatipatsa poyambira kuganiza. Lachitatu 14:00 pali Kompyuta, ndiye mayeso akanagundana ndi kalasi. Lachinayi 14:00 pali labu ya Bayoloje, kugundananso. Koma apa mtsikanayu anakumbukira chimene anaiwala kundiuza: labu ya Bayoloje imachitika sabata imodzi nkudumpha imodzi. Tinafufuza m'kope lake la labu, lipoti lomaliza linali la pa 24 Okutobala. Kuwerenga masiku 14 kuchokera pamenepo kunatipatsa pa 7 Novembala, kenako pa 21. Ndiye kuti Lachinayi la pa 14 masana kunali kopanda labu, mpata weniweni woikamo mayeso. Zinkamveka, koma kumveka si umboni. Tinalemba "Lachinayi 14 Novembala" ndi chizindikiro cha funso, ndipo tinagwirizana kuti sitipulinta mpaka Lolemba, akakaone ndi maso chidziwitso chenicheni pabolodi. Anakaona, ndipo linalidi Lachinayi.

Za labu yodumpha sabatayo, tinasankha kulemba madeti ake m'bokosi momwemo: "7 ndi 21 Novembala". Mawu akuti "sabata ndi sabata modumpha" sathandiza munthu amene waima pakhomo chikwama chili kumsana, chifukwa sakumuuza ngati sabata ino ndi yodumphayo. Mwezi nawonso tinaulemba m'mawu. Munthu akalemba 11/12, wina amawerenga 11 Disembala, pamene kompyuta yochunidwa mwa Chimereka imawerenga 12 Novembala.

Zimene ndanenazi ndi za mayeso ogwa pakati pa makalasi. Nthawi ya mayeso otsiriza, makalasi ataima, nkhani imasintha: sabata iliyonse imafuna tebulo lakelake, ndipo pamwamba pa tsiku lililonse pamalembedwa deti. Wophunzira wa Fomu 4 amene walandira tayimutebulo ya mayeso a MSCE yochokera ku MANEB amaona maphunziro onse amene akulembedwa m'dziko muno, ndi mapepala ake onse. Ntchito yake ndi yomwe ija ya gulu A ndi gulu B: atole maphunziro ake okha, pepala lililonse pa mzere wake, pepala loyamba padera, lachiwiri padera, kenako awerenge mizereyo ndi kutsimikiza kuti palibe pepala latsala.

Kuyeza pepala

Apa ndiye tinatenga lula. Funso loyamba pa tebulo ndi lakuti mzere uliwonse uimire mphindi zingati, ndipo yankho lili mu mndandanda, osati m'mutu. Tinayang'ana maola onse oyambira ndi othera: onse akuthera pa :00 kapena :30. Choncho mzere uliwonse ndi theka la ola. Tebulo limene iye anayamba kujambula lija linali la ola limodzi pa mzere, nchifukwa chake Chingerezi cha 10:30 chinkasowa pokhala, iye nkumafufuta.

Pakanakhala kalasi imodzi yoyamba 10:15, chiyeso chikanakhala kugawa tsiku lonse m'mphindi 15. Ine sindingalangize zimenezo. Mizere imachuluka kawiri, iliyonse nkupyapyala moti sungalembemo kanthu. Ndi bwino kusunga theka la ola, kalasi imodziyo nkuilemba nthawi yake yeniyeni m'bokosi ndi malemba akuda kwambiri. Ku sekondale, kumene tsiku limagawidwa kale m'mapiriyodi, m'sukulu zambiri a mphindi 40, palibe chifukwa chovutikira: piriyodi iliyonse ikhale bokosi limodzi, buleki ikhale ndi kampata kake kopyapyala.

Kalasi yoyambirira pa sabata yake imayamba 08:00, yomalizira imatha 16:30. Tinawonjezera theka la ola kumayambiriro ndi kumapeto, kuti pakhale polemba zobwera mwadzidzidzi. Kuchokera 07:30 mpaka 17:00 ndi maola asanu ndi anayi ndi theka, kutanthauza mizere 19.

Pepala la A4, limene limapezeka m'mashopu onse opulintira, ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Tinaligoneka chopingasa, mbali yaitali ikhale pamwamba. Makina ambiri opulintira safika m'mphepete penipeni, choncho tinasiya mamilimita 10 mbali zonse zinayi. Malo otsala ndi 277 chopingasa ndi 190 chotsika. Danga la maola, kumanzere, tinalipatsa 22. Otsala 255 tinawagawira masiku asanu, lililonse 51, malo okwanira kulemba "labu ya Kemisitili" osadula mawu. Amene amaphunziranso Loweruka agawe pasanu ndi kamodzi, tsiku lililonse lipeze 42 ndi theka, zimakwanabe.

Chotsika tinachita chonchi. Mutu wa pepala, wokhala ndi dzina lake ndi semesita, unatenga 12. Mzere wa mayina a masiku unatenga 8. Mizere 19 ija, uliwonse mamilimita 7, inatenga 133. Zonse pamodzi ndi 153, ndipo pansi panatsala 37, pamene tinaikapo mayeso anayi aja ndi kamzere ka deti limene pepalali lakonzedwa. Kalasi ya ola limodzi imapeza mamilimita 14, okwanira mizere iwiri ya malemba: phunziro pamwamba, chipinda pansi.

Mtsikanayu anafunsa chifukwa chimene sitinaike masiku kumanzere ndi maola pamwamba, monga mmene ankaonera pakhoma la kalasi ku sekondale. Yankho lili pa lula. Mapiriyodi asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi amakwana bwino chopingasa. Koma magawo 19 chopingasa akanapatsa bokosi lililonse mamilimita 13 okha, ndipo kalasi ya ola limodzi ikanakhala ndi 26, mawu nkumathyoka pakati. Mawu athu amayenda chopingasa, ndiye mbali imene ili ndi magawo ochepa ndi imene iyenera kukhala pamwamba.

Podzaza timabokosi pali msampha umodzi umene umagwira pafupifupi aliyense. Nambala yolembedwa kumanzere kwa mzere ndi nthawi imene mzerewo ukuyamba. Mzere wa 09:30 ukuimira 09:30 mpaka 10:00. Choncho Masamu a 08:00 mpaka 10:00 amatenga mizere inayi: 08:00, 08:30, 09:00 ndi 09:30. Mzere wa 10:00 sawukhudza. Dzanja limafuna kupitirira mpaka pamene laona nambala 10:00, ndipo likatero kalasi iliyonse imatalika ndi theka la ola, mipata yopumira nkuzimiririka, makalasi otsatana nkuoneka ngati agundana. Iye analakwitsa chonchi pa bokosi loyamba lenileni.

Njira yogwirira cholakwikachi ndi kuwerenga. Pa mndandanda, Lolemba lili ndi maola atatu ndi theka, Lachiwiri anayi ndi theka, Lachitatu anayi, Lachinayi anayi, Lachisanu atatu. Pamodzi ndi maola 19, amene ndi timabokosi 38 ta theka la ola, m'makalasi khumi. Atamaliza kudzaza, anawerenga timabokosi todzazidwa tsiku ndi tsiku: 7, 9, 8, 8, 6. Zikanakhala zoposa 38, ndiye kuti kalasi ina yatalika. Zikanachepa, ina yafupika kapena yaiwalika. Ntchito imeneyi imatenga mphindi ziwiri, ndipo ine sindipulinta tayimutebulo ndisanaichite.

Ku shopu

Tebulo lojambula ndi lula ndi cholembera chakuda ndi tayimutebulo yokwanira. Amene alibe kompyuta ajambule timabokosi topanda kanthu kamodzi, akachite fotokope mapepala angapo, kuti zinthu zikasintha asadzayambirenso kuyeza. Ife tinali ndi laputopu, choncho Lolemba madzulo, atabwera ndi yankho la pabolodi, tinalisamutsira mu Excel.

Mndandanda tinausiya pa tsamba lakelake, tebulo pa tsamba lina. Chifukwa chake nchakuti pa tebulo timalumikiza timabokosi, tinayi ta Masamu kukhala bokosi limodzi lalikulu, pogwiritsa ntchito `Merge & Center`, ndipo timabokosi tikalumikizidwa mosiyanasiyana Excel imakana kusanja mizereyo. Mndandanda ukhale wosalumikiza, ndiwo mwini choonadi. Chinthu chikasintha, umayamba wakonza mndandanda, tebulo pambuyo. Kuti chipinda chitsike pansi pa dzina la phunziro m'bokosi lomwelo, timadina `Alt+Enter`. Kutalika kwa mzere timakuika pa `Row Height`, ndipo 20 amapereka pafupifupi mamilimita 7.

Zinthu zitatu zimawononga pepala ku shopu, ndipo zonse zimaoneka ukadina `Ctrl+P` usanachoke pakhomo. Choyamba ndi mizere. Timizere totuwa timene timaoneka pa sikirini sitituluka pa pepala pokhapokha utauza makina kutero, ndiye munthu amalandira mawu oyandama opanda timabokosi. Sankhani tebulo lonse ndi kuika `All Borders`. Chachiwiri ndi kukula kwa pepala. Makompyuta ambiri amabwera atachunidwa pa `Letter`, pepala la ku Amereka, limene ndi lalifupi ndi mamilimita 18 poyerekeza ndi A4 koma lotambalala pang'ono. Pa `Page Layout` sankhani `A4` pa `Size` ndi `Landscape` pa `Orientation`. Chachitatu ndi Lachisanu kugwera pa tsamba lachiwiri lokhalokha. Mukaona pansi palembedwa kuti masamba ndi awiri, sankhani `Fit Sheet on One Page`. Koma yang'anani malemba pambuyo pake: ngati achepa kwambiri, tebulo lanu latambalala mopitirira, chepetsani madanga m'malo molola makina kufinya zonse.

Mitundu ndi nkhani ina. Mtsikanayu anali atapaka Masamu buluu, Kemisitili wobiriwira, Bayoloje wofiira, ndipo pa sikirini zinkakongola zedi. Koma kupulinta kwa mitundu nkodula, ndipo pa makina a inki yakuda buluu, wobiriwira ndi wofiira zimatuluka zotuwa mofanana, malemba akuda nkumira m'katimo. Fotokope ya pepala lotere imada kwambiri. Tinachotsa mitundu yonse. Makalasi tinawasiya oyera ndi malire okhuthala, malabu tinawapaka kutuwa kopepuka kwambiri, ndipo mayina a maphunziro tinawalemba ndi malemba okhuthala. Amene akufuna mitundu apake yekha ndi makrayoni pepala litatuluka. Timabokosi topanda kalasi tinatisiya ndi timizere take, chifukwa ndi mmene iye amalemba ndi pensulo nthawi yowerenga ndi yokumana ndi anzake.

Pomaliza tinasunga tsambalo ngati PDF tisanalitumize ku shopu. Fayilo ya Excel ikatsegulidwa pa kompyuta ina, yokhala ndi makina ena opulintira ndi malemba ena, mizere imatha kusuntha. PDF imatuluka mmene waionera. Pansi penipeni pa pepala, kudzanja lamanja, tinalemba ndi timalemba tating'ono kuti "Yakonzedwa pa 4 Novembala 2024". Tayimutebulo imasintha, ndipo m'chipinda mukapezeka mapepala awiri ofanana, kamzere aka ndi kokhako kamene kamanena lotaya ndi losunga.

Anapulinta awiri. Limodzi analimata kuseri kwa chitseko cha chipinda chake, pamene maso amagwera potuluka, lina analipinda panayi ndi kuliika m'kope. Ndinamuuza kuti aime patali pang'ono ndi chitsekocho, ngati mapazi atatu, andiuze pafoni chimene ali nacho Lachitatu 14:00. Anayankha asanapume: "Kompyuta, amalume." Ndinamufunsanso za Lachinayi pa 14. Anati labu kulibe, kuli mayeso a Kemisitili. Sabata yotsatira aphunzitsi a Fizikisi anasamutsa kalasi ya Lachisanu kuti iziyamba 07:30 nkutha 09:30. Anakonza mzere umodzi pa mndandanda, anakweza bokosilo ndi mzere umodzi pa tebulo, anawerenga timabokosi ta Lachisanu nkupeza tikadali 6, anasintha deti la pansi lija, ndipo pepala lakale analichotsa pachitseko.